Magolovesi Anafika Lolemba

Ku koleji ndinakhalako chaka chimodzi ndi theka ndikuphunzira zaumoyo wa anthu, kufikira tsiku limene akuluakulu a kumeneko anaona kuti umoyo wa anthu ungayende bwino popanda ine. Anandilembera kalata yaulemu kwambiri. Ndinabwerera kwathu ku Mponela ndi chikwama, mabuku awiri a ku laibulale amene eni ake akuwadikirabe mpaka lero, ndi gauni yoyera ya ku labu. Gauniyo ndi imene inandipezera ntchito.

Azakhali anga, alongo awo a bambo, anali ndi saluni kuseri kwa msika. Mkati munali madraya awiri, magalasi atatu, atsikana awiri oluka, ndi pakona pamene panali mpando wometera ana ndi abambo amene akokedwa ndi akazi awo. Wometa wakale anali atathawira ku Joni. Azakhali anandiyang'ana, anayang'ana gauni, nkunena kuti, "Iwe uzimeta. Ndipo uzivala chimenecho. Anthu aziona kuti kuno kuli ukhondo."

Kuyambira tsiku limenelo ndinali adokotala. Oluka aja ankanditchula choncho monyoza, makasitomala ankanditchula choncho mosadziwa, ndipo ine ndinkavomera onse mofanana. Udindo wanga waukulu unali pepala limene linamatidwa pakhoma pafupi ndi chitseko. Ndinalilemba ndekha mu Chingerezi cha ku koleji, lokhala ndi mizere ya masiku ndi timabokosi: pansi pakolopedwa, zipeso zaviikidwa, matawulo achapidwa, malezala atayidwa. Ndinali munthu wolimbikira ntchito, moti pofika Lachiwiri ndinali nditachonga kale mpaka Loweruka.

Amene ankachita zimene ine ndinkachongazo anali mayi wina wochokera ku Phalombe. Anabwera kuno ndi mwamuna wake kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya cha ku mapiri a Ntchisi. Mwamunayo atamwalira, bwana wa esitetiyo anafuna nyumba yake, ndipo mayiyo anatsika ndi mwana wake wamkazi kudzafuna ganyu pa Mponela. Azakhali anamulemba ntchito yotsuka mitu ndi kuchapa, namupatsa kachipinda ka kuseri kwa saluni, momwe kale tinkasungamo makala. Kachipindako kanali theka la malipiro ake, ndipo azakhali ankamukumbutsa zimenezi kuti asaiwale. Ine ndinkamuitana kuti achemwali, potengera kalankhulidwe ka kwawo. Iye ankati adokotala, ndipo ndi iye yekha amene sindinkadziwa ngati akunyoza kapena ayi.

Ntchito yake ndinkaionera bwino chifukwa ndinalibe chochita m'mawa. Ankadzuka ndi kutaya madzi a dzulo a mu ndowa yabuluu, nkusakaniza atsopano: kapu imodzi ya bulichi, makapu sikisi a madzi. Ankati madzi a bulichi akagona amakhala ngati mlonda wokalamba, alipo koma sagwira munthu. Zimenezi anaziphunzira kuchipatala pamene ankadwazika mwamuna wake miyezi inayi, poonerera amene amakolopa m'mawodi. Chipeso chilichonse chikachoka m'mutu mwa munthu, ankayamba wachotsa tsitsi ndi kabulashi, kuchitsuka ndi sopo, kenako nkuchiviika mu ndowa ija mphindi khumi, zowerenga pa wotchi ya pakhoma. Akatero ankachitsukuluza, kuchiyanika, nkuchiika mu kontena ya chivindikiro. Tawulo linali limodzi pa mutu umodzi. Ankawaviika m'madzi otentha a pa mbaula, kuwachapa, kuwayanika padzuwa ndi kuwasita. Malezala ogwira kale ntchito ankawaponya mu chigubu chimene anachiboola kakamwa pamwamba kuti dzanja lisalowe.

Zonsezi ine ndinazilemba pa mayeso ndipo ndinalakwa. Iye sankatha kulemba dzina lake bwinobwino.

Ankagwira bulichi ndi manja opanda kanthu. Magolovesi anapempha kawiri ine ndikumva. Azakhali anati, "Kodi ku fodya kuja mumavala magolovesi?" Nkhani inathera pomwepo. Ndiye manja ake anasanduka momwe manja amasandukira. Khungu linauma, linatuwa, linang'ambika pakati pa zala ndi m'mfundo, ndipo nyengo yozizira ya Juni ming'aluyo inkatuluka magazi. Kuseri kwa manja kunali mawanga oyerera, osupuka. Akamatsuka mutu wa kasitomala ankabisa manjawo mu thovu, ndipo akamapereka tawulo ankalipereka manja ali pansi pake.

Ku kona kwanga malamulo anali ofanana, kungoti ine ndinali ophunzira, ndiye ndinkadziwa oyenera kuwadumpha. Makina ometera sawaviika mu bulichi chifukwa amachita dzimbiri. Umayenera kuchotsa tsitsi m'mano mwake ndi bulashi, kuthira spiriti wokwanira kuti mano anyowe, kudikira aume, ndipo timapulasitiki toika kutsogolo tija, toyezera kutalika kwa tsitsi, nkutipereka kwa achemwali kuti tikalowe mu ndowa. Madzulo umamasula mano ndi kutsuka mkati. Ine ndinapeza kuti chimene kasitomala amafuna ndi phokoso la botolo lopopera, fyee fyee, ndi fungo. Ndinapezanso kuti spiriti wa pepo uja ukamuthira madzi amakhalabe wa pepo. Ukathiranso, amakhalabe wa pepo pang'ono. Botolo limodzi linkandikwanira mwezi ndi theka, ndipo azakhali ankandiyamikira pamaso pa oluka kuti ndine wosamala zinthu.

Ndiye linafika Loweruka lomaliza sukulu zisanatsegulidwe, mwezi wa Seputembala. Aliyense amene anametako ana amalidziwa tsiku limeneli. Aphunzitsi safuna tsitsi, makolo amakumbukira tsiku lomaliza, ndipo magetsi amakumbukira kuzima masana. Pofika naini koloko benchi inali itadzaza, ena atakhala pakhonde. Ambiri anali ana a amayi a kumpingo kwa azakhali, chifukwa azakhali anali msungichuma wa amayi kumeneko ndipo anthu ankaona kuti kumetetsa kwina ndi tchimo laling'ono. Ine ndinkameta, mwana nkupita kwa achemwali kukatsukidwa mutu, wina nkukhala pampando usanazizire.

Wachinayi kapena wachisanu anali mdzukulu wa mkulu wa mpingo. Nditangodutsitsa makina kuseri kwa khutu ndinachiona: bwalo lotuwa ngati ndalama yachitsulo, la mfundumfundu, tsitsi lake lothothoka lokha. Chipere. Chinali chokongola, chofanana ndendende ndi cha pa chithunzi cha m'buku limodzi mwa awiri aja. Achemwali anali pambali panga kudzatenga tawulo. Anachionanso.

"Adokotala," anatero motsitsa mawu, "mutu uwu."

"Ndauona, achemwali."

"Akatha ameneyu ayimitse kaye makinawo. Ndiwatenthetsere madzi, amasule, titsuke. Kapulasitikiko andipatse."

Ndinayang'ana benchi. Ndinayang'ana agogo ake a mwanayo, amene anali mu draya akuwerenga nyimbo. Kuimitsa makina kukanatanthauza kufotokoza chifukwa chake, ndipo chifukwa chake chinali mdzukulu wa mkulu wa mpingo. Komanso magetsi akanatha kuzima nthawi iliyonse.

"Achemwali," ndinatero, "ine ndinapita kusukulu ya zimenezi."

Ndinanyamula botolo, fyee fyee, kawiri, mmwamba kuti onse aone. "Wotsatira!"

Iye anatenga tawulo la mwanayo nkukaliviika palokha. Anasamba m'manja ndi sopo asanagwire mutu wina. Ndinamuona akukwinya nkhope sopo atalowa m'ming'alu.

Chipere sichifulumira. Chinatipatsa masabata awiri amtendere, kenako chinatuluka m'mitu isanu ndi umodzi, yonse ya m'kwaya ya ana. Anayamba kuonekera Lamulungu, ataima kutsogolo mwa mzera, aliyense ndi kamwezi kake kumutu. Amayi awo anapita nawo kuchipatala, anauzidwa kuti chipere cha m'mutu sichimva mafuta opaka okha, ndi mapiritsi a masabata angapo. Anawafunsanso kuti anawo anametedwa kuti. Amayiwo anayang'anana.

Lolemba lotsatira anabwera anayi mwa amayiwo, atavala zitenje zofanana za pa ukwati wina. Sanakhale pansi. Wotsogolera anali mkazi wa hedimasitala, mayi wa mawu a alito amene ankamveka mpaka ku depoti.

"Mayi msungichuma, ife timabwera kuno chifukwa timati ndi kwathu. Ndiye mwatipatsa chiyani?"

Azakhali anayamba ndi pepala la pakhoma. Analiloza monga momwe munthu amalozera satifiketi. Anandilozanso ine ndi gauni yanga, ndipo ine ndinaima mowongoka. Amayiwo anayang'ana pepala, anayang'ana gauni, ndipo ndinaona kuti akhutira, chifukwa gauniyo inali yoyera kwambiri. Anaichapa ndi achemwali.

Nthawi yomweyo achemwali analowa kuchokera kuseri atanyamula beseni la zipeso. Beseni siungalinyamule manja utabisa.

Mkazi wa hedimasitala anayang'ana manjawo nthawi yaitali. "Ambuye," anatero. "Ndi amenewa akhala akugwira mitu ya ana athu?"

"Tatambasulani, mayi," anatero wina. "Tatembenuzani. Ii! Taonani mawangawo."

"Ndi bulichi, amayi," anatero achemwali.

"Bulichi amayeretsa. Ife bulichi kwathu timagwiritsa ntchito, manja athu ndi awa."

"Za ku esiteti izi," anatero wachitatu. "Kumeneko amagonera limodzi ndi agalu."

Wachinayi anafunsa funso la sayansi: "Adokotala, kodi zimenezi sizipatsirana?"

Onse anatembenukira kwa ine. Ndimakumbukira kuti ndinakonza kolala. Ndinati, "Matenda a pakhungu, amayi, ndi nkhani yovuta. Pamafunika kafukufuku."

Ndi chiganizo chabwino kwambiri chimene ndinapangapo. Mulibe bodza ngakhale limodzi. Achemwali anandiyang'ana, kenako anaika beseni pa tebulo pang'onopang'ono kuti madzi asatayike, nabwerera kuseri.

Sabata imeneyo saluni inali ngati tchalitchi Lachiwiri. Oluka ankalukana okhaokha. Lachinayi tinamva kuti nkhani yafika kwa a zaumoyo ndipo abwera kudzayendera. Azakhali anati akatitsekera ndiye kuti tonse tikadye gauni yanga. Madzulo a tsiku limenelo ndinachita zimene ndinali ndisanachite chiyambire. Ndinamasula mano a makina. Zimene ndinapezamo zinali zokwanira kuluka mwana wakhanda: tsitsi, mafuta, mfundu zoumbika ngati phala la dzana. Ndinakwecha ndi mswachi wakale, ndinathira spiriti weniweni wa m'botolo latsopano, ndinadontheza mafuta a makina, nkumanganso. Spiriti wamadzi uja ndinakathira m'chimbudzi. Ndinagwira ntchito yabwino kwabasi. Aphunzitsi anga akanandiona akanalira.

Wa zaumoyo anabwera Lachisanu m'mawa pa njinga yamoto, mayi wamfupi wa magalasi, wosaseka. Pepala langa analiyang'ana kamodzi nkufunsa chifukwa chake Loweruka linali lochonga kale. Ndinati timakonzekera. Anapita pa ndowa yabuluu, ananunkhiza, anafunsa amene amasakaniza ndi muyeso wake. Achemwali anayankha. Anafunsa mphindi zingati. Anayankha. Anatsegula kontena ya zipeso, anakweza chipeso chimodzi pa kuwala, anapukusa chigubu cha malezala, anakaona chimbudzi ndi dzenje la zinyalala. Kenako anatenga makina anga, anawatembenuza, anayang'ana m'mano.

"Oyera ngati agulidwa dzulo," anatero, akuyang'ana ine osati makinawo. "Tsiku lometa ana ambiri lija, mumachita chiyani pakati pa mutu ndi mutu?"

Ndinamufotokozera ndondomeko yonse, mwadongosolo, ndi mawu a Chingerezi m'malo oyenera. Ndinali ndisanayankhepo bwino chotero.

"Mumazidziwa," anatero. "Chipere chimayenda kwambiri pa makina, zipeso ndi matawulo. Zipeso ndi matawulo ndaziona. Makina ndawaona a lero okha."

Azakhali anaona kuti mphepo ikulowera kolakwika. Anakoka achemwali pa mkono. "Bwana, taonaninso izi. Anthu akuti ndi izi."

Mayi wa zaumoyo anagwira manjawo ndi manja ake, opanda mantha, anawatembenuza, anatsegula zala chimodzichimodzi.

"Ichi si chipere. Awa ndi manja opsa ndi bulichi ndi sopo. Sangapatsire munthu. Amene ali pangozi ndi mwini wakeyu, chifukwa zilonda zili poyera. Magolovesi ake ali kuti?"

Azakhali anati anali m'mapulani.

Wa zaumoyo analemba zinthu zitatu: magolovesi aatali a labala, makina achiwiri kuti ena azitsukidwa ena akugwira ntchito, ndi kuti mwana wa zilonda kapena chipere kumutu azibwezedwa kaye akalandire mankhwala. Anauza achemwali kuti apite kuchipatala akawaone manjawo ndi kuti azipaka mafuta. Anati abweranso pakatha masabata awiri. Sanatitsekere.

Koma zonsezi anazinenera mkati, kwa anthu atatu. Panja, pa khonde la wogulitsa nsalu moyang'anizana nafe, panali amayi a kumpingo amene mwangozi onse anafuna nsalu m'mawa umenewo. Iwo anangoona pa windo wa zaumoyo atagwira manja a achemwali nkuwayang'anitsitsa, kenako nkulemba m'buku.

Njinga itangochoka, azakhali anaima pakati pa saluni akuganiza. Azakhali si munthu woipa kuposa anthu ena. Amangowerenga msanga. Boma linali litakhutira, koma boma silibwera kudzalukitsa. Ankafunika kupereka munthu, ndipo anthu analipo awiri. Mmodzi anali mwana wa mchimwene wawo.

Anatulukira pakhonde ndi kuitana achemwali mokweza, ngakhale achemwali anali pambuyo pawo penipeni.

"Mayi, mwamva nokha zimene anena a boma. Mupite kuchipatala ndi manja anuwo. Kuno ndi malo a anthu aukhondo. Mutenge katundu wanu, kachipindako ndikufuna ndipoperemo mankhwala."

"Anena kuti ndi bulichi, amayi."

"Mukufuna kunditsutsa pamaso pa anthu? Ndinakutolani mulibe ndi bulangete lomwe."

Achemwali anayang'ana kudutsa azakhali, mpaka pamene ndinaima ine. Sanapemphe. Anangodikira, ngati momwe ankadikirira mphindi khumi za zipeso. Ine ndinali ndi makina m'manja, ndipo ndinapeza kuti waya wake wapiringizika moti umafunika kuwongoledwa nthawi yomweyo.

Kutsidya kuja mkazi wa hedimasitala anati, "Mwachita bwino, mayi msungichuma. Chifundo chimapweteketsa." Wina anaonjeza kuti matawulo onse awotchedwe. Azakhali anawotcha awiri okutha kale, pabwalo, kuti utsi uoneke.

Katundu wa achemwali anakwana pa kabaza mmodzi: mphasa, ndowa, thumba la zovala, mbaula. Mwana wake anali kusukulu, ndiye anayenera kukhala pa mwala kuseri kudikira kuti aweruke, aphunzire kuti kwawo si kwawonso. Anati apita ku esiteti ina cha ku Dowa kumene kuli mlamu wake, mwina akamulandira pa nthawi yofesa nazale. Ali chidikirire anandiitana.

"Adokotala, tabwerani."

Ndinapita. Ndinali nditakonza kale nkhope yolandirira mawu, ndi mayankho atatu.

"Kapu yoyezera ili pa windo, ya pulasitiki yofiira. Asamwere. Imodzi ya bulichi, sikisi za madzi, m'mawa uliwonse, adzulo kutaya. Asaviike chipeso chili ndi tsitsi, bulichi safika pansi pa litsiro. Akachotsa atsukuluze, apo ayi chiwotcha anthu m'mutu."

"Ndikudziwa, achemwali."

"Ee, amadziwa," anatero. "Gauniyo asamaiviike limodzi ndi matawulo. Imatenga mtundu."

Mwana atafika anakwera pa kabaza pamwamba pa thumba, mayi ake akuyenda pambali. Palibe anawaperekeza. Oluka anali otanganidwa, chifukwa mkazi wa hedimasitala anali atawoloka kale msewu nkukhala pampando, akuti angoyesako mizere iwiri.

Azakhali anapita ku Lilongwe Loweruka, ndipo Lolemba anabwera ndi makina achiwiri ndi magolovesi achikasu, aatali mpaka m'zigongono, mapeyala awiri. Ntchito ya ndowa inagwera ine. Wa zaumoyo atabweranso anapeza zonse zitatu zachitika. Anafunsa kuti mayi uja ali kuti, azakhali anati anapita kumudzi kukapuma. Anandiyang'ana. Ine ndinali nditavala magolovesi, ndikuwerenga mphindi pa wotchi.

Ku mpingo anthu amanenabe kuti saluni ya azakhali inayera kuyambira pamene anachotsa mtenanti uja. Ndipo ndi zoona, chipere sichinabwerenso. Spiriti sindithiranso madzi. Mwana wa bwalo kumutu ndimamubweza, ngakhale akhale wa abusa. Kapu yofiira ikadali pa windo.

Magolovesiwo ndi abwino kwambiri. Manja anga ndi osalala ngati a mwana, ndipo makasitomala amawayamikira.